Kalata kwa abwana: tanthauzo la Pull request yotseguka ndi kawerengedwe ka lipoti la Lachisanu

Abwana,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Pamsonkhano wa Lolemba munafunsa ngati mawu akuti Open amene akupezeka katatu mu lipoti lathu akusonyeza kuti pulogalamu ya ngongole za mamembala ili ndi mavuto atatu. Nthawi inatichepera, ndiye ndati ndikuyankheni polemba, kuti mukamakakumana ndi a bodi Lachinayi mukhale ndi pogwira. Yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Zitatuzo ndi ntchito zomwe zalembedwa kale ndipo zikudikira kuunikidwa kapena chilolezo. Ziwiri mwa izo zikudikira inuyo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti lipotili muzilimva bwinobwino.

Pulogalamu yathu ndi mulu wa malangizo olembedwa, omwe timawatcha khodi, ouza kompyuta chochita membala akabweza ngongole, akasunga ndalama kapena akachedwa kulipira. Khodi imeneyi timaisunga pa GitHub, tsamba lomwe linayamba mu 2008 ndipo linagulidwa ndi Microsoft mu 2018. Pansi pake pamagwira chida chotchedwa Git, chimene Linus Torvalds analemba mu 2005. Ntchito ya Git ndi kukumbukira kusintha kulikonse: anasintha ndani, liti, mzere uti. Palibe chimene chimasowa popanda kusiya phazi.

Pali khodi imodzi yovomerezeka, imene dzina lake pakompyuta ndi `main`. Imeneyo ndiyo timatengako pulogalamu yomwe makalaliki a ku kauntala amagwiritsa ntchito, choncho palibe aliyense wa ife, ngakhale ineyo, amaloledwa kuisintha mwachindunji. Wofuna kuwonjezera chinthu amatenga kope lake, lomwe timati nthambi, n'kumagwirira ntchito kumeneko. Akalakwitsa, walakwitsa panthambi yakeyo, ndalama za mamembala sizikhudzidwa. Akaona kuti wamaliza, amapempha anzake kuti aone zomwe wachita ndi kuziphatikiza ku `main`. Pempho limenelo ndilo mumaliona litalembedwa Pull request, kapena mwachidule PR. Anthu ogwiritsa ntchito GitLab amalitcha Merge request, koma ndi chinthu chomwecho. M'kalata ino ndingoti pempho.

Zili ngati vocha yolipirira ya ku ofesi ya zachuma. Kalaliki amaikonza, akauntanti amaiunika, inu mumasaina, kenako ndalama zimatuluka. Vocha imene ili patebulo pa akauntanti si chizindikiro choti ofesi yasokonekera. Ili paulendo wake basi. Chodetsa nkhawa ndi vocha imene yakhala patebulo limodzi masabata atatu osadziwika kuti ikudikira ndani. Pempho lotseguka lili chimodzimodzi.

Nali lipoti la Lachisanu lapitali:

```
#58  Meseji ya risiti kwa membala   Open    Review required    masiku 2
#55  Chiwongoladzanja cha pamwezi   Open    Changes requested  masiku 9
#52  Kubweza ngongole pafoni        Open    Approved           masiku 16
#61  Mndandanda wa ochedwa kubweza  Draft                      tsiku 1
#57  Kusintha pasiwedi              Merged
#49  Batani losindikizira risiti    Closed
```

Nambala yoyambirira ndi yongozindikiritsa, GitHub imapereka yokha motsatana. Siikusonyeza kufunika kwa ntchito. Mukafuna kundifunsa za ntchito ina, kungotchula nambalayo n'kokwanira.

Mawu a m'danga lachitatu ndi anayi okha. Draft ndi ntchito imene mwiniwake akunena yekha kuti sanamalize, waiika poyera kuti anzake azidziwa zomwe akuchita. Open ndi imene wapereka kuti iunikidwe. Merged ndi imene yavomerezedwa ndipo yalowa mu `main`. Closed ndi imene yatsekedwa osalowa. Mukatsegula tsambalo nokha mudzaona kuti Open imakhala yobiriwira, Draft yotuwa, Merged yapepo, Closed yofiira. Kufiirako kusakuopseni. #49 tinaitseka dala chifukwa #58 ikugwira ntchito yomweyo mwanjira yabwinopo: mmalo mosindikiza pepala, membala azilandira risiti pafoni.

Danga lachinayi ndilo ndikupempha kuti muziliyang'anitsitsa, chifukwa likunena amene mpira uli kumapazi kwake. Review required zikutanthauza kuti palibe amene waunika ndi kuvomereza. Lamulo lathu ndi lakuti munthu mmodzi yemwe sanalembe nawo khodiyo aiwerenge mzere ndi mzere. #58 yangodikira masiku awiri, ndipo palibe chachilendo pamenepo. Ndiiunika ndekha mawa m'mawa.

Changes requested zikutanthauza kuti wounika wapeza chinthu ndipo wabweza ntchitoyo kwa mwiniwake. Izi zimachitika tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa odziwa ntchito kwambiri, ndipo ndikupemphani kuti musamazitenge ngati mlandu wa wolembayo. Anthu akayamba kuopa kuti ntchito yobwezedwa ifika kwa abwana ngati cholakwa, wounika amayamba kumvera chisoni mnzake n'kumangovomereza, ndipo pamenepo ndi pomwe masamu olakwika amafika m'mabuku a mamembala.

Tsono #55 ili ndi nkhani yake. Khodi yake ilibe vuto. Wounika anafunsa funso limene ife sitingayankhe: chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa ndalama yonse imene munthu anabwereka, kapena pa yotsala akabwezako? Taonani kusiyana kwake. Membala wabwereka K100,000 pa 5 peresenti pamwezi, ndipo mwezi woyamba wabweza K40,000 ya ngongoleyo. Tikawerengera pa ndalama yonse, chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri ndi K5,000. Tikawerengera pa yotsala, yomwe ndi K60,000, ndi K3,000. Chikalata cha malamulo a ngongole chomwe tinapatsidwa chikungoti 5 peresenti pamwezi, osanena njira. Kompyuta idzachita chilichonse chimene tiiuze, kwa membala aliyense, mwezi uliwonse, osafunsa. Ife sitingasankhe m'malo mwa bodi, ndipo sindikufuna kuti tingoganizira. Masiku asanu ndi anayi amene mukuwaonawo ndi odikira yankho limeneli.

Approved zikutanthauza kuti wounika wakhutira. Mwina mudabwa kuti nanga #52 ikuchitanji pamenepo masiku 16 ngati inavomerezedwa. Ntchito imeneyi ndi yolola mamembala kubweza ngongole kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Taiyesa ndi ndalama zongoyerekeza ndipo ikuyenda. Kuti igwire ndi ndalama zenizeni pakufunika makiyi achinsinsi amene amaperekedwa mgwirizano ukasainidwa, ndipo mafomu a mgwirizanowo adakali kuno kwathu, akudikira siginecha yanu ndi ya wapampando wa bodi. Ndinaiimitsa dala, chifukwa kuiphatikiza lero kungaike pamaso pa makalaliki batani losagwira ntchito.

Danga lomaliza, la masiku, ndi limene limaulula zambiri. Kuchuluka kwa mapempho otseguka pakokha sikunena kanthu. Sabata imene tagwira ntchito kwambiri akhoza kukhala asanu ndi atatu, ndipo imene tonse tinali ku maphunziro akhoza kukhala ziro. Koma pempho likapitirira sabata, funsani. Kuchedwa kuli ndi mtengo wake: pamene pempho lakhala, anzathu akupitiriza kusintha `main`, ndipo tsiku lina zimapezeka kuti anthu awiri asintha mzere umodzi mosiyana. GitHub ikatero imalemba kuti `This branch has conflicts that must be resolved`, ndipo munthu amayenera kukhala pansi kusankha pamanja mzere woyenera. Pempho likakalamba, ntchito imeneyi imakula, ndipo mwiniwake amakhala wayamba kuiwala zimene ankaganiza polemba.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo ndikufuna muchidziwe musanalonjeze a bodi chilichonse. Merged sikutanthauza kuti mamembala ayamba kugwiritsa ntchito. Zikutanthauza kuti ntchitoyo yalowa mu khodi yovomerezeka. Kuti ifike ku kauntala timayenera kuikweza pa seva, ndipo ife timachita zimenezi Lachiwiri madzulo ofesi itatsekedwa, kuti china chikavuta tikonze usiku makalaliki asanafike. #57 inaphatikizidwa Lachinayi lapitali ndipo inafika kwa makalaliki dzulo madzulo. Kuyambira sabata ino ndiwonjezera mzere pansi pa lipoti wonena zimene zafika kwa ogwiritsa ntchito, kuti ziwirizi zisamasakanikirane.

Mukalowa pa GitHub nokha, popeza akaunti yanu ili ndi chilolezo chowerenga, dinani pa Pull requests pamwamba. Mndandanda umene ubwere ndi wa zotseguka, ndipo m'kabokosi kofufuzira mudzaona mwalembedwa kale `is:pr is:open`. Pambali pa dzina la pempho pamakhala kachizindikiro ka mayeso amene kompyuta imachita yokha khodi ikasintha. Kuchonga kobiriwira ndiye kuti mayeso onse adutsa, kadontho kachikasu ndiye kuti akuchitikabe, mtanda wofiira ndiye kuti ena alephera. Mtanda wofiira pa pempho lotseguka sukhudza mamembala, chifukwa khodiyo sinalowe. Mayeso agwira vuto lisanafike kwa anthu, yomwe ndi ntchito yawo. Kuchonga kobiriwira nakonso kuli ndi malire ake: kukunena kuti zimene tinaganiza kuyesa zadutsa, osati kuti pulogalamu ilibiretu vuto. N'chifukwa chake munthu amaunikabe.

Mudzaonanso manambala awiri, lobiriwira ndi lofiira, monga `+420 −35`. Ndi mizere yowonjezedwa ndi yochotsedwa. Chonde musayezere khama la munthu pamenepo. Kusintha mizere itatu ya masamu a chiwongoladzanja kungatenge masiku awiri oganiza, pamene mizere mazana anayi ya maonekedwe a fomu ingalembedwe tsiku limodzi. Ndipo nthawi zambiri pempho laling'ono ndi labwino kuposa lalikulu, chifukwa wounika amatha kuliwerenga lonse asanatope.

Lipoti likamafika Lachisanu, simukufunika kuwerenga khodi ngakhale mzere umodzi. Yambani ndi mzere wa masiku ambiri, ndipo mundifunse kuti ukudikira ndani, nanga akufunika chiyani kuti usunthe. Ndikayankha kuti ukudikira ife, mundifunse tsiku. Ndikayankha kuti ukudikira ofesi yanu, ndidzakhala nditalemba chenicheni chimene chikufunika, osati kungoti tikudikira akuluakulu.

Pa sabata ino zopempha zanga ndi ziwiri. Pa #55, a bodi atiuze Lachinayi ngati chiwongoladzanja chiwerengedwe pa ndalama yonse kapena pa yotsala, ndipo chonde yankholo lilembedwe mu maminitsi kuti tidzakhale ndi potsamira membala akadzafunsa. Tikalandira yankho Lachisanu, ntchitoyo ikhoza kufika ku kauntala Lachiwiri likudzali. Pa #52, mafomu ali mu fayilo ya buluu imene ndinasiya kwa sekilitale wanu, ndipo malo osaina ndaikamo timapepala tachikasu. Popeza wapampando adzakhalapo pamsonkhanowo, akhoza kusainira pomwepo.

Ngati mungapeze mphindi khumi lero masana, ndibwera ndi laputopu kuti titsegule #55 limodzi, muone nokha funso la wounika ndi pomwe lalembedwa.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mtsogoleri wa gulu lokonza pulogalamu