Nambala ya Kumudzi

Foni ya Yohane inagwera m'chidebe cha simenti yokandakanda Lachitatu masana, pamene iye ankawerama kuti anyamule njerwa pa nyumba yosanja imene ankamanga m'dziko la eni. Anaivuula msanga n'kuipukuta ndi malaya, koma galasi lake linangoti bii, ndipo wokonza mafoni amene anaiona madzulo anapukusa mutu asanaitsegule n'komwe.

Loweruka atalandira malipiro anagula ina yakale, ndipo usiku womwewo anakhala pamphepete pa bedi kuti abwezeretse WhatsApp yake. Apa m'pamene mtima unamugunda. Akaunti ija anaitsegula zaka 4 zapitazo pa nambala ya kumudzi, ndipo atafika kunja n'kugula simu khadi ya kumeneko, sanavutike kusintha nambala chifukwa mauthenga ankafikabe bwinobwino. Tsopano foni yatsopano inkafuna manambala 6 otsimikizira, ndipo manambalawo ankatumizidwa ku simu ya kumudzi ija, imene inali itagona m'thumba la pasipoti kuyambira tsiku limene anadutsa pachipata cha dziko. Anaitulutsa, anaipukuta, anailowetsa, koma sinagwire netiweki ngakhale pang'ono.

Chomvetsa manyazi chinali chakuti sankadziwa pamtima nambala ya munthu aliyense. Ya mkazi wake Esinati ankakumbukira poyambira pake pokha, ya mayi ake sanaiyang'anepo chiisungireni, ndipo dzina la imelo imene mnyamata wina anamutsegulira pogula foni yoyamba ija linali litamutuluka kalekale. M'kati mwa akaunti ija munali gulu la pabanja, zithunzi za mwana wake Tadala atayamba kuyenda, komanso mauthenga atatu a mawu amene malemu bambo ake anajambula ali m'chipatala, amene Yohane ankawamvetsera Lamlungu lililonse anzake a m'chipinda akatuluka.

Panatha masiku 9 asanalankhule ndi aliyense wa kwawo. Ankadziwa bwino zimene anthu amanena za mwamuna amene wangoti zii ali kunja: kuti wapeza wina, kapena kuti ali m'manja mwa apolisi.

A Phiri, mmisiri wachikulire amene ankagona naye chipinda chimodzi, ndi amene anamuuza kuti simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambala yake imapatsidwa kwa munthu wina. Anamubwereka foni yawo, ndipo Yohane anaimba nambala yokhayo imene ankaidziwa pamtima, yake yomwe.

Anayankha mayi wina, ndipo chapatali pankamveka mwana akulira.

"Pepani mayi, nambala imene mukugwiritsa ntchitoyi inali yanga. Mulandira uthenga wa manambala 6, ndiye ndikupempha kuti mundiwerengere."

"Bambo, ine si mwana," anatero mayiwo. "Uthengawo wabwera kale kangapo, ndipo ukunena momveka kuti ndisauze munthu aliyense. Mchemwali wanga anamubera akaunti mwa njira yomweyi, akuba aja n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lake."

Yohane anasowa choyankha, pakuti mayiwo ankanena zoona, ndipo iye akanakhala kumbali yawo akanakananso chimodzimodzi. Anapepesa, ndipo anali pafupi kudula pamene mawu aja anamvekanso, tsopano motsika.

"Kodi inu ndinu a Yohane?"

"Ndine amene."

"Pali agogo ena amene akhala akuimba kuno m'mawa uliwonse kuyambira sabata yatha. Ndawauza kangati kuti alakwitsa nambala, koma mawa lake amaimbanso, n'kufunsa ngati Yohane wafika. Manambala anu aja sindikupatsani, koma ya agogowa ili pompano. Muli ndi cholembera?"

Cholembera panalibe. A Phiri anasolola pensulo ya ukalipentala imene inali kukhutu kwawo, ndipo Yohane analemba pa chidutswa cha pepala la thumba la simenti, akubwereza nambala iliyonse mokweza kuti mayiwo avomereze. Mawu a bambo ake aja anadziwa kuti sadzawamvanso, ndipo anakhala kanthawi atagwira pepalalo, asanalimbe mtima kuimba.

Foni inaitana kawiri kokha.

"Amayi, ndine Yohane."

Kumbali inayo kunakhala chete, kenako anamva mayi ake akufuula chakutali ndi foni, akuitana Esinati kuti asiye zimene ankachitazo abwere msanga, atenge ndi mwana yemwe. Podikira, Yohane anatembenuza pepala lija n'kuseteka nsonga ya pensulo.

"Amayi, Esinati akafika ayambe wandiuza nambala yake, pang'onopang'ono."