MWAYI WA NTCHITO: Wosunga Katundu ku Sitolo ya Zipangizo Zaulimi, Mponela

Chidziwitsochi chikulowa m'malo mwa chija tidamata sabata yatha, chomwe chinkati tikufuna "mnyamata wamphamvu, wosakwatira". Mawu amenewo adali olakwika ndipo tawachotsa. Ntchitoyi ndi ya kaundula ndi masamu. Matumba a makilogalamu 50 amanyamula ndi ena omwe tidawalemba kale. Amene mudabwerera pakhomo mutawerenga chidziwitso choyamba chija, tikupepesa, ndipo tikukupemphani mulembere.

Ntchito yake

Mudzalandira fetereza, mbewu ndi mankhwala a mbewu galimoto ikafika, n'kuwerenga thumba lililonse lisanalowe m'nyumba yosungiramo katundu. Katundu wolowa ndi wotuluka mudzamulemba m'kaundula tsiku lomwelo. Loweruka lililonse mudzawerenga zotsala pamodzi ndi woyang'anira sitolo, ndipo mukaona thumba long'ambika kapena mankhwala oti atsala pang'ono kutha mphamvu, mudzanena msanga.

Timagwira Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, kupuma ola limodzi masana, ndipo Loweruka timaweruka 12 koloko. Tinene zoona: kuyambira Okutobala mpaka Disembala alimi amadzaza khonde lonse, ndipo masiku ena mudzaweruka mochedwa. Maola owonjezerawo timalipira.

Zofunika kukhala nazo

Satifiketi ya MSCE yokhala ndi Masamu, kapena umboni woti mudasungapo kaundula wa katundu kwa zaka ziwiri, kaya m'golosale, m'chigayo kapena m'kalabu ya alimi. Muzitha kulemba ndi kuwerenga Chichewa komanso kumva Chingerezi cha pa malisiti. Kudziwa kompyuta n'kothandiza, koma amene sadziwa tidzamuphunzitsa.

Zomwe mudzalandire

Malipiro ndi K320,000 pamwezi msonkho usanadulidwe, ndipo sasintha potengera kuti walembedwa ndi ndani. Ku penshoni ife timaikako 10 peresenti ya malipiro, inu 5 peresenti. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 ogwira ntchito, cha uchembere ndi masabata 8 olipidwa mokwanira. Nsapato, magolovesi ndi zotchinga kumphuno timapereka. Miyezi itatu yoyamba ndi yoyeserera.

Kalemberedwe

Bweretsani kalata yofunsira ntchito, mafotokope a masatifiketi, ndi mayina a anthu awiri odziwa kagwiridwe kanu ka ntchito ku sitolo kuno pasanafike 12 koloko masana Loweruka lomaliza la mwezi uno. Chithunzi chanu musaikemo.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusankha munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna, mtundu wake, chipembedzo, chipani, ulumali kapena za banja lake, ndipo ife sitidzafunsa zimenezo. Sitidzakuuzaninso kuti mukayezetse HIV. Onse oitanidwa adzayankha mafunso ofanana ndi kulemba mayeso amodzi a kaundula. Ngati muli ndi ulumali ndipo mukufuna thandizo pa tsikulo, lembani m'kalatamo kuti tikonzekere.

Palibe ndalama yolipira kuti mulembedwe. Wina akakuitanitsani kangachepe m'dzina lathu, musapereke. Kauzeni woyang'anira sitolo.