Kalata kwa Mkulu wa Dipatimenti Yogula Mbewu: kuperewera kwa soya wa ku Domwe

Domwe, boma la Angoniya
Lolemba, 16 Juni 2025

Kwa Bambo Mkulu wa Dipatimenti Yogula Mbewu,
Ofesi yaikulu, mumzinda wa Tete

Kope: Bambo Woyang'anira Chigawo, Ulongwe

Wokondeka Bambo,

NKHANI: KUSIYANA KWA MAKILO A SOYA PAKATI PA MSIKA WA DOMWE NDI NKHOKWE YA ULONGWE, NDI NDALAMA ZOTI ZIDULIDWE KWA MAKALALIKI

Ndikhulupirira kuti muli bwino. Kuno tili bwino, kungoti chisanu cha Juni chafika ndi mphamvu.

Ndalemba kalatayi kuti ndikudziwitseni za makilo 720 a soya amene mabuku akuonetsa kuti aperewera pa maulendo atatu a galimoto yochoka kuno kupita ku nkhokwe ya Ulongwe, komanso kupempha chigamulo chanu malipiro a mwezi uno asanatsekedwe pa 24 Juni. Nkhaniyi ndinayamba kuitula kwa Bambo Woyang'anira Chigawo, pafoni pa 30 Meyi ndi pakalata pa 9 Juni. Iwo anabwera kudzaona msika wathu pa 11 Juni, ndipo anandiuza kuti kuimitsa kudula malipiro ndi kuitanitsa oyesa masikelo ndi zinthu zimene ofesi yawo ilibe mphamvu yolamula. Tinagwirizana kuti ndilembere inu, n'chifukwa chake kope la kalatayi lapitanso kwa iwo.

Zimene zili m'mabuku ndi izi. Ulendo uliwonse unanyamula matumba 200, olembedwa makilo 10,000. Wa pa 19 Meyi unalandiridwa ku Ulongwe ngati makilo 9,690, kuperewera 310. Wa pa 28 Meyi unalandiridwa ngati 9,760, kuperewera 240. Wa pa 6 Juni unalandiridwa ngati 9,830, kuperewera 170. Pa maulendo onse atatu matumba anafika okwanira 200, ndipo pa mapepala olandirira katundu palibe pamene palembedwa kuti thumba linafika long'ambika kapena losokedwanso. Woyendetsa galimoto ndi wolandira katundu onse anasaina.

Pa 7 Juni tinalandira kalata yochokera ku ofesi ya zachuma yonena kuti mtengo wa makilo 720 amenewa, pa metikali 30 kilo, udulidwa pa malipiro a makalaliki atatu a msika uno. Zonse pamodzi ndi metikali 21,600, aliyense 7,200. Kwa aliyense wa iwo ndalama imeneyi ikuposa theka la malipiro a mwezi. Ndikudziwa kuti kalatayo yatsatira lamulo la kampani loti katundu akaperewera amayankha ndi amene anagula, ndipo lamulolo sindikulitsutsa. Chimene ndikupempha n'chakuti lisanagwire ntchito tione kaye ngati soyayo anasowadi, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene ndapeza zomwe zingathe kufotokoza kusiyanaku popanda thumba ngakhale limodzi kutsegulidwa.

Choyamba ndi masikelo. Kuno timagwiritsa ntchito sikelo yopachika, ya wotchi, imene timaikoleka pa mtanda wa shedi. Ku Ulongwe kuli sikelo yapansi yamagetsi. Lachiwiri pa 10 Juni ndinatenga matumba asanu, tinawayeza kuno m'mawa pamaso pa makalaliki awiri ndi mlonda, tinalemba manambala pa thumba lililonse ndi inki, ndipo ndinapita nawo ndekha ku Ulongwe tsiku lomwelo. Kuno anakwana makilo 250. Ku Ulongwe, pamaso pa wolandira katundu, anakwana 247.5. Ndiye kuti thumba lililonse likusiyana theka la kilo, ndipo pa matumba 200 ndi makilo 100. Pa maulendo atatu ndi makilo 300 mwa 720 aja.

Kuyesa kumeneku kukungoonetsa kuti masikelo awiriwa sakugwirizana. Sikukunena kuti yolondola ndi iti. Yathu ikhoza kukhala kuti sipuling'i yake yatopa, popeza yagwira ntchito nyengo zingapo ndipo pa chikwama chake palibe chizindikiro chosonyeza tsiku limene inayesedwa komaliza. Ya ku Ulongwe nayo ikhoza kukhala ndi pake. Tilibe miyala yoyesera yovomerezeka kuno kapena ku Ulongwe, kotero aliyense wa ife akhoza kungolumbirira sikelo yake, zomwe sizitithandiza. Koma yankho lake ndi lofunika mbali zonse. Ngati yathu ikuwerenga mopitirira, kampani yakhala ikulipira alimi makilo amene sinalandire kuyambira tsiku lotsegulira msika. Ngati ya ku Ulongwe ikuwerenga mochepa, ndiye kuti misika ina yonse yotula katundu kumeneko ili ndi vuto lomweli, kungoti mwina sanaliwerengere.

Chachiwiri ndi chinyezi, ndipo apa ndipempha mundilole ndifotokoze pang'ono mmene ntchito imayendera kuno, chifukwa pa pepala sizioneka.

Makilo 10,000 amene timalemba pa pepala lotumizira katundu si ochokera pa kuyeza kwa tsiku lopakira. Ndi kuphatikiza kwa malisiti a alimi, kutanthauza kulemera kwa soya pa tsiku limene tinamugula. Umu ndi mmene fomu ya kampani imafunira. Tikagula, matumba amasanjidwa pa mapaleti mu shedi kudikira kuti akwane 200 ndi kuti galimoto ipezeke. Katundu wa ulendo woyamba anakhala masiku 14, wachiwiri 9, wachitatu 8. Shedi yathu ndi ya malata, yotseguka mbali ziwiri, ndipo mphepo ya miyezi ino ndi youma. Soya akakhala pamenepo amapitiriza kuuma, ndipo madzi akachoka kulemera kumatsika.

Masamu ake ndi awa. Soya wogulidwa ali ndi chinyezi cha 14 pa 100, akauma kufika pa 12 pa 100, makilo 10,000 amatsala 9,773. Apita makilo 227 popanda njere imodzi kugwa pansi. Tikachotsa makilo 100 a sikelo pa ulendo uliwonse, otsala osafotokozedwa ndi 210, 140 ndi 70. Mudzaona kuti manambalawa akutsika pamene nyengo ikupita. Soya wa kumayambiriro kwa Meyi amabwera atangomenyedwa kumene, pomwe wa mu Juni amakhala atauma kale pakhomo pa mlimi. Kutsikaku kukugwirizana ndi zimenezo.

Ndikuti "kukugwirizana", sindikuti ndatsimikiza, chifukwa ndilibe nambala ya chinyezi cha tsiku logula. Kachipangizo kathu koyezera chinyezi kanatengedwa pa 22 Epulo kupita kokonzedwa ndipo mpaka lero sikanabwere. Buku la katundu wa ofesi likuonetsa tsikulo. Kuyambira pamenepo makalaliki amayesa soya poluma njere ndi mano. Ikaphulika n'kugawikana pakati timalandira, ikaphwanyika mofewa timabweza kuti akayanikenso. Njira imeneyi imagwira soya wonyowa kwambiri, koma dzino silisiyanitsa 12 ndi 14. Ku Ulongwe chinyezi amayeza polandira, ndipo maulendo onse atatu analembedwa pakati pa 11.8 ndi 12.3. Choncho nambala ya pofika tili nayo, ya pochoka ndiyo ikusowa.

Sindikufuna kubisa kuti pakhoza kukhala zifukwa zina. Njere zina zimatayika popakira ndi potsitsa, makamaka mumsewu wafumbi wochoka kuno, ndipo kulakwitsa polemba lisiti kumachitika. Malisiti onse a katundu wa maulendo atatuwa ndawawerenganso limodzi ndi buku lalikulu, ndipo kusiyana kumene ndapeza ndi makilo 6 okha, pa lisiti limodzi la pa 14 Meyi pamene 46 inakopedwa ngati 52. Ngati ofesi yanu ingatumize munthu kudzawerenganso, mabuku ali pano ndipo makalaliki anena kuti ndi okonzeka kufunsidwa chilichonse.

Pali chinanso chimene ndiyenera kukuuzani monga woyang'anira msika. Nkhani yodula malipiro yamveka kale, ndipo kalaliki mmodzi wandifunsa ngati angayambe kuchotsa kilo imodzi pa thumba lililonse la mlimi kuti adziteteze. Ndamukaniza, ndipo sizinachitike. Koma funsolo likusonyeza kumene zinthu zingalowere. Kuno malire ali pafupi. Mlimi akangomva kuti sikelo ya kampani ikudya, mawa lake matumba ali pa njinga kupita kwa mavenda, ena mpaka kutsidya ku Dedza kumene amalandira makwacha pamanja. Alimi ambiri amene timagula kwa iwo ndi a m'makalabu omwe tinawapatsa mbewu pa ngongole, ndipo ngongoleyo amaibweza pa sikelo yomweyi.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti kudula malipiro kuimitsidwe kaye mwezi uno mpaka masikelo awiriwa atayesedwa ndi miyala yovomerezeka. Bungwe la boma loona za miyezo, INNOQ, ndilo lili ndi udindo pa nkhani za masikelo, ndipo kuliitana kapena kupeza oyesa ovomerezeka kufunika kalata ya ofesi yanu. Zikadzapezeka kuti pali makilo amene sikelo ndi chinyezi sizikuwafotokoza, nkhaniyo idzayende monga mwa malamulo a kampani, ndipo a ofesi yoona za antchito adzatiunikire mmene lamulo la ntchito la 2023 likunenera pa kudula malipiro.

Ndikupemphanso kuti kachipangizo ka chinyezi kabwezedwe, kapena tibwerekedwe kena pa masabata amene atsala. Ndipo ngati mungavomereze, kuyambira ulendo wa pa 19 Juni ndikufuna tiziyezanso matumba onse pa tsiku lopakira n'kulemba manambala awiri pa pepala lotumizira katundu, ya pogula ndi ya popakira. Zidzatitengera pafupifupi maola atatu ndi aganyu awiri owonjezera pa ulendo uliwonse. Popeza kumeneku n'kusintha fomu ya kampani, sindingayambe popanda chilolezo chanu.

Ndaphatikiza makope a mapepala atatu otumizira katundu, mapepala atatu olandirira a ku Ulongwe, pepala la kuyesa kwa pa 10 Juni losainidwa ndi mboni za mbali zonse ziwiri, kalata ya ofesi ya zachuma ya pa 7 Juni, ndi tsamba la buku la katundu wa ofesi la pa 22 Epulo.

Popeza malipiro atsekedwa Lachiwiri pa 24 Juni, tsiku la Ufulu lisanafike, ndingathokoze nditalandira yankho pa nkhani ya malipiroyi pofika Lachisanu pa 20 Juni. Zinazo zikhoza kutsatira pambuyo. Netiweki kuno imavuta masana, choncho ngati foni yanga sikupezeka, uthenga ukhoza kudzera kwa Bambo Woyang'anira Chigawo. Mukafuna kuti ndibwere ku Tete ndi mabuku enieniwo, ndikhoza kunyamuka Lachitatu m'mawa, kalaliki wamkulu n'kutsala akuyang'anira msika.

Zikomo kwambiri, Bambo.

Ine wanu pa ntchito,
Woyang'anira Msika Wogula Mbewu, Domwe