Pempho la Satifiketi Ina M'malo mwa Yotayika

Chilobwe,
Blantyre.

5 Juni 2023

Kwa a Rejisitirala,
Yunivesite ya Malawi,
Zomba.

Wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi kupempha kuti mundikonzere satifiketi ina ya digiri yanga, popeza imene munandipatsa inapita ndi madzi. Dzina langa ndine Tiyamike Chikopa. Ndinayamba maphunziro a zauphunzitsi mu 2014 sukuluyi ikutchedwabe Chancellor College, ndipo ndinalandira digiri mu 2018. Nambala yanga ya ophunzira inali EDU/112/14.

M'bandakucha wa pa 13 Malichi chaka chino, namondwe wa Freddy ali pachimake, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kugumula nyumba imene ndinkachita lendi. Ine ndi mwana wanga tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Satifiketiyo ndinkaisunga mu envelopu ya pulasitiki, pansi pa zovala m'sutikesi, pamodzi ndi ya MSCE. Mvula itakata, achimwene anga ndi anyamata a m'dera lathu anakumba pamalopo masiku atatu. Anapeza malata opindika ndi mpando umodzi, sutikesi ija osaoneka. Ndinalisamala pepala limeneli zaka zisanu, chifukwa mayi anga anagulitsa mbuzi zawo kuti ndilipeze.

Ndachedwa kulemba chifukwa tinayamba takhala ku msasa wa anthu okhudzidwa ndi ngoziyi, ndipo maganizo onse anali pa kopezera pogona. Tsopano sukulu ina ya sekondale yandisankha kuti ndikaphunzitse Chichewa ndi mbiri yakale, koma akufuna kuona satifiketi yeniyeni pasanafike pa 30 Juni. Chithunzi chimene ndinajambula pafoni achikana.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza lipoti la apolisi, kalata imene ndinalumbirira pamaso pa loya, fotokope ya chiphaso changa cha unzika, kalata ya amfumu a dera lathu yochitira umboni za ngoziyi, ndi chithunzi cha satifiketi chija. Ngati pali ndalama yolipira, chonde mundiuze kuchuluka kwake ndi kolipirira, ndidzapereka.

Ngati malamulo a yunivesite salola kusindikiza satifiketi kachiwiri, kapena ntchitoyo itenga nthawi yaitali, ndikupempha kuti pakadali pano mundilembere kalata yokhala ndi chidindo yotsimikiza kuti ndinamaliza maphunziro anga, komanso mundipatse chikalata cha magiredi a zaka zonse zinayi. Akuluakulu a sukulu ya sekondale ija anena kuti zimenezi angazilandire podikira satifiketiyo.

Popeza pano tikusungidwa kwa achibale ndipo ndilibe keyala yodalirika, ndidzafika ndekha ku ofesi yanu Lachisanu pa 16 Juni m'mawa kudzamva yankho, nditatenga makalata onse enieni kuti muwaone ndi maso.

Ndithokoza kwambiri mukaliganizira pempho langali.

Ine wanu wodzichepetsa,

Tiyamike Chikopa