Mtchona wa ku Mbare: chidule cha buku

Nkhani m'chiganizo chimodzi: Nyumba yawo ya ku Mbare itagwetsedwa mu 2005, Naphiri ayenera kusankha pakati pa kutengera bambo ake odwala ku Dedza, kumene akufuna kukaikidwa, ndi kukhalabe ku Harare, kwawo kokhako kumene mwana wake amadziwa.

Chidule: A Phiri anachoka ku Nyasaland mu 1958 atalonjeza mayi awo kuti abwera akakolola kawiri. Sanabwerere. Akalambira ku Mbare pa makina osokera, akusungabe kiyi wa nyumba ya kumudzi m'kachitini ka fodya.

Naphiri anabadwira ku Harare, amagulitsa tomato pa Mbare Musika, koma chitupa chake chimati ndi mlendo. Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba, itafika, banjali likugona panja m'chisanu cha Juni, makina aja atafunditsidwa bulangete. Chifuwa cha a Phiri chikukula. "Mwanawe, mafupa anga asatsale kuno," akutero usiku uliwonse.

Ndalama ndi zokwanira chinthu chimodzi basi: ulendo wodutsa ku Nyamapanda ndi Tete, kapena mayeso a mwana wake Tendai, mnyamata amene amayankha agogo ake m'Chishona. Apa ndi pamene pagona buku lonse, ndipo ine sindikufuna kuti wowerenga apeze wolakwa pakati pawo.

Naphiri akugulitsa makina mobisa n'kuwakweza basi bambo ake. A Phiri akumwalira atangowoloka Zambezi. Ku Dedza, gogo wina akuuzindikira kiyi uja, ndipo mudzi ukukumba manda. Naphiri akubwerera ku Harare yekha.