Pempho la ngongole yogulira ng'ombe ziwiri zabere

Mpemba, Blantyre
14 Meyi

Bwana Manijala,

Ndine Yohane Mbewe, mlimi wa ng'ombe zamkaka kuno ku Mpemba, akaunti yanga ili kwanu konko. Ndikupempha loni ya K3,000,000 ndigule ng'ombe ziwiri zazikazi zachiFiliziyani, zonse zili ndi bere loyamba la miyezi 6 ndiye pakangotha miyezi itatu zibereka, nkuyamba kukama.

Pano ndili ndi imodzi yokha, imandipatsa malita 12 patsiku ndipo mkaka ndimagulitsa ku gulu lathu la alimi. Khola ndakuza kale, nsenjere ndinadzala zambiri kudimba, madeya siovuta kupeza, alangizi aziweto anaziona ng'ombezo akuti zilibwino.

Ndizibweza mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, muzidula ku malipiro amkaka. Chikole ndi ng'ombe ndilinayoyi komanso njinga yamoto.

Chonde bwana tabwerani mudzaone nokha, mwini ng'ombe ziwirizo akuti andidikira mpaka kumapeto kwa Juni basi.

Ine wanu,
Yohane Mbewe