Pempho loti mundiganizire pa mipata ya ntchito ya m'tsogolo

Kwa Mkulu Woyang'anira Ogwira Ntchito

Okondeka Mayi,

Ndalandira imelo yanu ya Lachiwiri yondidziwitsa kuti ntchito ya ukalaliki wa kosungira katundu mwaipereka kwa munthu wina. Zikomo pondiuza msanga komanso mosapita m'mbali. Sindikubisireni, mwayi umenewu ndinkaufunitsitsa, koma chiganizo chanu ndachilandira ndi manja awiri, ndipo kalata inoyi si yodandaula kapena yopempha kuti muunikenso zotsatira. Mundithokozereko kwa mabwana awiri amene munali nawo pondifunsa mafunso, makamaka bambo oyang'anira nyumba yosungira katundu amene anandiyendetsa m'mashelefu titamaliza.

Pempho langa ndi lakuti musatseke fayilo yanga. Ndikukupatsani chilolezo choti musunge mapepala anga kwa miyezi 12 kuchokera lero, ndi kuwaonetsa kwa mkulu wa nthambi iliyonse yomwe ingakhale ndi mpata. Ngati malamulo anu salola kusunga mapepala a anthu amene sanatengedwe, mungondiuza komwe mumalengezera mipata ya ntchito, ndidzafunsiranso mwatsopano monga wina aliyense.

Kuti musavutike kuganiza koti n'kundiika, ntchito zimene ndingazigwire popanda kundiphunzitsa nthawi yaitali ndi za kosungira katundu, zolandira katundu wobwera, ndi zotumiza katundu kwa makasitomala. Yaganyu kapena ya miyezi yochepa sindingaikane. Munatchula kuti kumapeto kwa chaka chanu cha zachuma mumawerenga katundu yense ndipo manja amachepa. Pa nthawi imeneyo ndingapezeke ngakhale Loweruka ndi Lamlungu. Ikakhala ntchito yokhazikika, kumene ndikugwira pano amafuna ndiwatsanzike kutatsala mwezi umodzi, choncho ndingayambe patatha masiku 30 mutandipatsa kalata.

Funso lomwe munandifunsa lija, la katundu wa pa shelefu amene sagwirizana ndi zolembedwa pa khadi, ndi limene lakulitsa chidwi changa chogwira nanu ntchito. Vutoli kawirikawiri siliyamba ndi kuba monga ambiri amaganizira. Limayambira pakhomo polandirira katundu: woyendetsa galimoto ali pachangu, kalaliki amasaina pepala lobweretsera katundu asanawerenge makatoni, kapena amawerenga makatoni koma osatsegulako ngakhale limodzi kuti aone ngati muli zinthu 24 monga palembedwera. Penanso katundu amatuluka madzulo ndi mawu apakamwa, pepala n'kudzalembedwa m'mawa, mwinanso osalembedwa n'komwe. Mankhwala ake ndi kufananitsa mapepala atatu katundu asanakwere pa shelefu, la oda, lobweretsera katundu ndi invoisi, kenako n'kumawerenga mashelefu ochepa mlungu uliwonse m'malo modikira chaka chithe. Kusiyana kukapezeka pasanathe masiku 7, anthu amakhala akukumbukirabe chimene chinachitika. Ndinaona kuti njira imeneyi mwayamba kale kuitsata pa katundu wotuluka msanga, ndipo ndingakonde kudzathandiza kuifikitsa ku mashelefu enawo.

Ndili ndi kapempho kena kakang'ono, koma musakaone ngati kokakamiza. Mukapeza mpata, mundiuzeko mfundo imodzi kapena ziwiri zomwe ndingawonjezere kuti ulendo wina ndidzayenere bwino. Mizere iwiri pa imelo ingakwane, kapena foni ya mphindi zisanu. Sindikufuna kudziwa za amene mwamutenga, ndingofuna kudziwa poti ndilimbikire. Pakadali pano ndikuphunzira Excel madzulo, makamaka kupanga matebulo oonetsa katundu amene watsala pang'ono kutha, ndipo maphunzirowa atha m'miyezi itatu. Setifiketi ikatuluka ndidzakutumizirani kuti muiphatikize mu fayilo. Imeneyo ndiyo nthawi yokhayo imene ndidzakulembereni musanandiitane, pokhapokha nditasintha nambala ya foni kapena nditapeza ntchito kwina, pakuti sindifuna kuti mudzataye nthawi kufunafuna munthu amene sapezekanso.

Ndaphatikiza pa imelo ino mbiri yanga ya ntchito ndi maphunziro, yomwe ndaikonzanso kuti ionetse bwino zaka zinayi zimene ndagwira polandira ndi potumiza katundu. Anthu awiri ondichitira umboni aja ndawadziwitsa za zotsatirazi, ndipo avomera kuti mungawaimbirebe nthawi iliyonse m'chaka chikubwerachi. Nambala ya foni ndi imelo ndi zomwe zija zili pa kalata yanga yofunsira ntchito. Masana ndikalephera kuyankha chifukwa cha ntchito, uthenga wolemba ndimauyankha tsiku lomwelo.

Ndikufunirani zabwino zonse pamodzi ndi mnzanga amene wayamba ntchitoyo.

Ine wanu,
Wofunsira ntchito ya ukalaliki wa kosungira katundu, nambala ya pempho 27